Chibayo kapena chipsera chakale? Zomwe chithunzi cha m'chifuwa sichinganene pachokha

Mayi akadikira panja pa chipinda chojambulira, bambo natuluka akutsokomola atagwira nthiti, funso lomwe amafunsa dokotala limakhala limodzi: “Ndiye mwapeza chiyani?” Kwa ambiri, kujambulidwa m'chifuwa ndiye mapeto a mlandu. Makina aona m'kati, basi matenda adziwika. Choncho dokotala akayang'ana chithunzicho kwa kanthawi, n'kuyamba kufunsa za chaka chomwe munthu anamwapo mankhwala a chifuwa chachikulu, n'kupemphanso makhololo, ena amaona ngati akungozengereza kapena sakudziwa ntchito yake.

Chichewa chenichenicho chimanena kale zoona pankhaniyi. Mawu oti chithunzi ndi mawu oti mthunzi ndi apachibale, ndipo ekisireyi ndi mthunzi weniweni. Kuchokera mu 1895, pamene Wilhelm Röntgen wa ku Germany anatulukira cheza chimenechi, kagwiridwe kake ka ntchito sikanasinthe: cheza chimadutsa m'thupi n'kukafika pa chojambulira chomwe chili kutsidya. Pomwe pali mpweya chimadutsa mosavuta, ndipo malowo amaoneka akuda. Pomwe pali fupa chimatsekeredwa, malowo n'kuoneka oyera. Ndiye chifukwa chake mapapo abwino amaoneka akuda, nthiti zikuyera mopingasa, mtima uli mbuu pakati. Vuto lili apa: madzi, mafinya, magazi, chotupa ndi mnofu wouma wa chipsera zonse zimatsekereza cheza mofanana ndithu, ndipo zonse zimasiya mthunzi wotuwa kapena woyera. Aliyense amene anakhalapo m'nyumba younikidwa ndi koloboyi amadziwa kuti mthunzi wa pakhoma umaonetsa kukula ndi maonekedwe a chinthu, koma sunena ngati dengu lomwe likuoneka pakhomalo lili ndi ufa kapena mchenga, ndiponso sunena kuti linaikidwa pamenepo liti.

Chitsanzo chimodzi chingathandize, cha nkhani yomwe imabwerezedwa m'zipatala zambiri. Bambo wa zaka 52, kalipentala, wabwera atadwala masiku anayi. Zinayamba mwadzidzidzi madzulo ena: kuzizidwa mpaka mano kugundana, kenako thupi kutentha, ndipo m'mawa mwake kumva kubaya kumanzere kwa chifuwa akamakoka mpweya. Makhololo ake ndi okhuthala, ofiirira ngati dzimbiri. Amujambula ataimirira, chifuwa atachigunditsa pa chojambulira, atakoka mpweya n'kuugwira. Chithunzi chatuluka ndi malo awiri okayikitsa. Kumunsi kwa phapo lakumanzere kuli chigamba choyera chofanana ndi mtambo. Kumtunda kwa phapo lakumanja, kuseri kwa fupa lopingasa la m'munsi mwa khosi, kuli mizere yoyera yolimba, timadontho towala ngati mchenga, ndi kabowo kozungulira kakuda.

Munthu wopupuluma angaone kabowo ka kumtundako n'kunena pompo kuti chifuwa chachikulu, popeza n'zoona kuti mwa akuluakulu matendawa amakonda kumtunda kwa mapapo ndipo amakumba mabowo. Dokotala wosamala amayamba wawerenga mithunzi iwiriyo payokhapayokha.

Wa kumunsiwo ndi wooneka ngati chibayo. Mapapo ali ngati chinkhupule chokhala ndi timatumba ta mpweya tambirimbiri, ndipo chibayo chikagwira, timatumbati timadzaza mafinya ndi madzi m'malo mwa mpweya. Gawo lonselo limayera, m'mbali mwake mosaoneka bwino ngati utsi, kupatula pomwe lathera pa malire a chigawo cha phapo, pomwe mzere umakhala wodulidwa bwino. Phapo lakumanja lili ndi zigawo zitatu, lakumanzere ziwiri, ndipo chibayo chobwera ndi kachilombo kotchedwa nyumokokasi chimakonda kudzaza chigawo chimodzi. Kawirikawiri m'kati mwa kuyerako mumaoneka timizere takuda togawikana ngati nthambi za mtengo wouma. Amenewo ndi mapaipi a mpweya omwe akadali otseguka pakati pa timatumba todzaza. Chinanso n'chakuti gawo logwidwa ndi chibayo nthawi zambiri silichepa. Limakhala pamalo pake, kukula kwake komweko, kungoti ladzaza.

Mthunzi wa kumtunda uja ndi wa mtundu wina, ndipo amene anaonapo chipsera cha moto pa mkono wa mwana angaumvetse msanga. Bala la moto likapola khungu limakokana, nthawi zina mpaka chigongono kulephera kuwongoka. Chimodzimodzi m'phapo. Tizilombo ta chifuwa chachikulu timawononga mnofu, ndipo mankhwala akatipha thupi silibwezeretsa timatumba tomwe tinafa. Limangosoka malowo ndi ulusi wolimba, ndipo ulusiwo umakoka zonse zoyandikana nawo. Pa chithunzi, chigawo cha kumtunda chimaoneka chofota. Kholingo, lomwe limayenera kutsika molunjika pakati, limapendekera mbali ya chipseracho. Muzu wa phapo, pomwe mitsempha ikuluikulu imalowera, umakokedwera m'mwamba. Nthiti za mbali imeneyo zimatha kuyandikana. Timadontho towala kwambiri tija ndi malo omwe thupi linakwirira matenda ndi mchere wa kashiamu, womwewo umene umalimbitsa mafupa, ndipo n'chifukwa chake timayera kufanana ndi nthiti. Kukhuthala kwa chikopa chokuta phapo, mapaipi a mpweya otambasuka mopitirira, ngakhale bowo lenilenilo, zonsezi zingatsale moyo wonse mwa munthu amene anachira kalekale.

Kufotokoza motere kungapangitse munthu kuganiza kuti kusiyanitsa n'kosavuta: mtambo ndi chibayo, mizere yokoka ndi chipsera. M'mabuku zimaoneka choncho. M'chipinda cha dokotala mithunzi imalowana. Chifuwa chachikulu chomwe chili moyo chimathanso kupanga mtambo wofanana ndendende ndi wa chibayo, makamaka mwa munthu amene chitetezo chake chatsika. Chibayo nachonso chimagwira kumtunda, ndipo tizilombo tina ta chibayo timakumba bowo lodzaza mafinya. Choopsa kwambiri n'chakuti matenda atsopano amakonda kubisala m'malo owonongeka kale. Chifuwa chachikulu chikabwereranso chingayambire m'mbali mwa chipsera chomwecho, ndipo kachigamba katsopano kamasowa pakati pa mizere yakale. Palibe diso, ngakhale la katswiri wa zaka zambiri, lomwe lingayang'ane chithunzi chimodzi n'kulumbira kuti m'chipseramo mulibe kachilombo kamoyo. Akatswiri owerenga zithunzi amapewa kulemba kuti matenda ndi ozilala pokhapokha ataona kuti mthunziwo sunasinthe kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, ndipo ngakhale pamenepo amafuna umboni wa makhololo.

Ndiye dokotala amatembenukira kwa wodwala uja. “Bambo, munayamba mwamwapo mankhwala a chifuwa chachikulu?”

Amayankha ndi mayi, omwe abwera ndi kabuku kakuchipatala kakale kokutidwa ndi pulasitiki. “Anamwa, adokotala. Papita zaka zisanu ndi zitatu. Anamaliza miyezi yonse isanu ndi umodzi, ndipo anatiuza kuti achira.”

Kabukuko kakutsimikizadi. Mafunso otsatira ndi a nthawi. Kodi kutsokomolaku kwayamba masiku anayi apitawo, kapena kunalipo kale n'kungokula? Kodi thalauza layamba kukhwepa m'chiuno? Kodi usiku amatuluka thukuta lonyowetsa zofunda? Bamboyo akuti chichirireni amatsokomola pang'ono m'mawa, makamaka nyengo yozizira, ndipo akakwera chitunda amapuma mwabefu, koma thupi silinatsike, chakudya amadya bwino, ndipo sabata yathayi anali pantchito akupala matabwa. Nkhani yotere ikuloza ku chibayo chomwe chagwera munthu wa mapapo a zipsera. Chibayo chimabwera ngati mvula ya mkuntho, m'maola kapena masiku ochepa. Chifuwa chachikulu nthawi zambiri chimadya munthu pang'onopang'ono kwa masabata, ngati chiswe m'denga.

Komabe nkhani ya pakamwa nayo siyokwanira, ndipo umboni wake unapezeka konkuno. Pa kafukufuku wa akuluakulu oposa 400 omwe anagonekedwa ndi chibayo pa chipatala cha Gulupu ku Blantyre, yemwe zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2019, oposa mmodzi mwa asanu alionse omwe anayezedwa anapezeka ndi tizilombo ta chifuwa chachikulu, ndipo ambiri mwa odwalawo anali ndi HIV. Anthuwa anabwera ndi zizindikiro za chibayo, koma pansi pake panali matenda ena. N'chifukwa chake bambo uja sangangopatsidwa mankhwala a chibayo n'kuuzidwa kuti azipita. Amuyeza magazi kuti adziwe ngati ali ndi HIV, popeza yankho lake limasintha kawerengedwe ka chithunzi chonse. Mwa munthu amene chitetezo chatsika kwambiri, thupi silikhala ndi mphamvu zomenyera nkhondo yomwe imakumba mabowo, choncho chifuwa chachikulu chimatha kuoneka kumunsi, kapena ngati timadontho tating'ono tomwazikana paliponse, kapena osaoneka n'komwe. Chithunzi choyera bwino mwa munthu wotere sichitsimikiza kuti alibe matendawa, ndipo kwa odwala oterewa pali kuyeza kwina kwa mkodzo komwe kumathandiza.

Kenako makhololo. Apa pamalakwika zambiri, chifukwa ambiri amapereka malovu. Chofunika ndi chomwe chachokera pansi pa chifuwa munthu atakoka mpweya kwambiri kangapo n'kutsokomola mwamphamvu, ali panja pomwe mphepo ikudutsa, osati m'chimbudzi kapena pakati pa anthu. Kale makhololo ankangowayang'ana pa makina okulitsa zinthu, njira yomwe imafuna tizilombo masauzande angapo m'kadontho kochepa kuti tioneke, motero odwala ambiri ankaphonyedwa. Kuchokera mu 2010, pamene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza makina a GeneXpert, zinthu zinasintha. Makinawa amafufuza chibadwa cha kachilomboko, amapereka yankho m'maola awiri kapena kucheperapo, ndipo amanenanso ngati kachilomboko kakukana rifampisini, mmodzi mwa mankhwala akuluakulu a matendawa. Kwa munthu amene anamwapo kale mankhwala, yankho lachiwirili ndi lofunika kwambiri.

Makinawa nawonso ali ndi malire ake, ndipo malirewo amagwera anthu omwewa a zipsera. Chibadwa cha kachilombo chimatha kutsala m'phapo kachilomboko katafa kale, ndiye munthu amene wamaliza mankhwala posachedwa angapezeke ngati akadali ndi matenda pomwe makina angotola zotsalira. Zikakayikitsa chonchi, makhololo amatumizidwa ku labotale yaikulu, monga ya ku Lilongwe, komwe amayesa kumeretsa tizilomboto. Takufa sitimera. Koma kachilombo ka chifuwa chachikulu kamakula mochedwa, ndipo yankho lingatenge masabata awiri mpaka asanu ndi atatu.

Kwa kalipentala uja zinthu zikuyenda motere. HIV alibe. GeneXpert sinapeze kanthu. Kapumidwe kake sikanafike ka 30 pa mphindi, ndipo kachipangizo kopanira chala kakuonetsa kuti mpweya wa m'magazi uli pamwamba pa 90, choncho sakufunika kugonekedwa. Apatsidwa amokisisilini wa masiku angapo n'kuuzidwa kuti abwerenso. Pali chifukwa chomwe dokotala wasankhira mankhwala amenewa n'kupewa sipulofulokisasini ndi anzake a gulu limenelo, omwe anthu ena amagula okha akamva chifuwa. Mankhwala a gululi amafooketsa kachilombo ka chifuwa chachikulu osakapha konse. Wodwala amapezako bwino kwa kanthawi, makhololo n'kuoneka ngati alibe kanthu, matenda n'kubisala, ndipo kachilomboko kangaphunzire kukana mankhwala omwe akanadzafunika m'tsogolo. Amokisisilini sachita kanthu pa chifuwa chachikulu, motero saphimba chilichonse.

Pofika tsiku lachitatu thupi lasiya kutentha ndipo kubaya kuja kwachepa. Pakatha sabata ayamba kuyenda pakhomo. Akanati ajambulidwenso tsiku limenelo, mayi akanada nkhawa pachabe, chifukwa mtambo wa kumunsi uja ukanapezeka ukadalipo. Chithunzi chimatsalira m'mbuyo mwa wodwala. Thupi limatenga masabata kuti lichotse zonse zomwe zinadzaza timatumba tija, ndipo mwa okalamba ndi osuta fodya zimachedwa koposa. N'chifukwa chake kujambula kobwereza kumachitika pakatha masabata pafupifupi asanu ndi limodzi. Pa chithunzi chachiwiricho kumunsi kwa phapo lakumanzere kwadanso bwinobwino, pamene mizere, timadontho ndi kabowo ka kumtunda zili momwe zinalili, osakula osachepa. Zithunzi ziwirizo zikaikidwa pamodzi zimanena zomwe chimodzi sichikanatha: chomwe chachoka chinali chibayo, chomwe chatsala ndi chipsera.

Nkhaniyi ikanatha kupita kwina. Mtambo wa kumunsi ukanakana kuchoka, kapena thupi likanapitiriza kutentha ndi kutsika, makhololo akanayezedwanso, chifukwa kuyeza kamodzi kumatha kuphonya. Ndipo dokotala akanayamba kuganizira zinthu zina zomwe zimavala mthunzi womwewo. Khansa ya m'mapapo imatha kutseka paipi ya mpweya n'kuchititsa chibayo chobwerezabwereza pamalo amodzi. Bowo lakale limatha kumera nkhungu yomwe imaundana ngati kampira m'kati mwake n'kumachititsa munthu kutsokomola magazi, ndipo mankhwala a chifuwa chachikulu sachiza zimenezi. Palinso abambo ambiri a kuno omwe anagwira ntchito m'migodi ya golide ku Joni pa nthawi ya Wenela ndi Teba. Fumbi la miyala lomwe anapuma limasiya timadontho ndi zipsera kumtunda kwa mapapo zofanana kwambiri ndi za chifuwa chachikulu, komanso limawonjezera mpata woti munthu adwale chifuwacho. Dokotala amene sanafunse kuti munthu ankagwira ntchito yanji angawerenge chithunzi chotere molakwika.

Kulakwitsa kuli mbali ziwiri, ndipo zonse zimapweteka munthu. Chipsera chikatengedwa ngati matenda amoyo, munthu amayambanso mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi, miyezi iwiri yoyamba mitundu inayi ndipo inayi yotsatira mitundu iwiri, pamodzi ndi chiopsezo chake pa chiwindi, maulendo a kuchipatala ndi manong'onong'o a anthu pamudzi. Pomaliza amapezeka akutsokomolabe, chifukwa chomwe chimamuvuta sichinali kachilombo. Pali anthu omwe abwerezedwa mankhwalawa kangapo pa chifukwa cha chithunzi chokha, ndipo zimenezi siziyenera kuchitika pomwe makhololo angathe kuyezedwa. Mbali inayo, matenda amoyo akatengedwa ngati chipsera chakale, munthu amabwerera kunyumba n'kumagona chipinda chimodzi ndi ana, akuwapatsira, phapo lake likupitiriza kudyeka.

Anthu okhala ndi zipsera zotere si ochepa. Kafukufuku wina wa ku Blantyre komweko, wofalitsidwa mu 2020, anatsatira akuluakulu pafupifupi 400 omwe anali atangomaliza mankhwala a chifuwa chachikulu. Oposa theka anali akadali ndi zizindikiro za m'chifuwa, ndipo atawajambula ndi makina amphamvu oonetsa phapo m'magawomagawo, oposa anayi mwa khumi alionse anapezeka ndi mapaipi a mpweya otambasuka mosabwerera. M'mapaipi otere makhololo amadikha ngati madzi a m'chithaphwi, ndipo tizilombo wamba timaswana mosavuta. Ndiye munthu amene anachira chifuwa chachikulu amadwala chifuwa ndi chibayo kawirikawiri kuposa anzake, ndipo ulendo uliwonse akajambulidwa, chipsera chija chimaonekanso n'kudzidzimutsa dokotala watsopano amene sakumudziwa.

Ngakhale kajambulidwe kenikeniko kamasintha zomwe zikuoneka. Wodwala amene walephera kukoka mpweya mokwanira, mwina chifukwa cha ululu, kumunsi kwa mapapo ake kumaoneka koyera ngati kuli chibayo pomwe kulibe. Amene wajambulidwa atagona kapena atapendekeka, mtima wake umaoneka waukulu ndipo kholingo limaoneka ngati lakokedwa. Kumayambiriro kwenikweni kwa chibayo chithunzi chingathe kuoneka chabwino, mtambo n'kudzaonekera mawa lake. Ndipo madokotala awiri odziwa ntchito akapatsidwa chithunzi chimodzi sagwirizana nthawi zonse, makamaka pa funso loti chipsera chili ndi moyo kapena ayi.

Zonsezi sizikuchotsa phindu la ekisireyi. Imaona zinthu zomwe khutu la dokotala silingamve, imapeza anthu oyenera kuyezedwa makhololo ngakhale asanayambe kutsokomola, ndipo imaonetsa msanga ngati madzi adzaza mozungulira phapo n'kufunika kupopedwa. Mphamvu yake imakula kwambiri pakakhala chithunzi chakale choyerekeza nacho. Apa m'pomwe wodwala mwini ali ndi gawo lomwe palibe wina angamugwirire. Aliyense amene anamaliza mankhwala a chifuwa chachikulu amachita bwino kusunga kabuku kapena khadi losonyeza chaka chomwe anayamba ndi kumaliza, ndi zotsatira za makhololo omaliza. Ngati anajambulidwa pomaliza mankhwala, chithunzicho n'chofunika kuchisamala mu envulopu yake, posapinda, kutali ndi chinyezi ndi dzuwa. M'zipatala zomwe zithunzi zimaonekera pa kompyuta, ndi bwino kupempha kuti tsiku lojambula ndi zomwe zapezeka zilembedwe m'kabuku, kapena kupempha chilolezo chojambula chithunzicho pa foni, tsiku ndi chilembo cha R kapena L chosonyeza mbali zikuoneka.

Pa ulendo wake womaliza kalipentala uja, dokotala akulemba m'kabuku kuti kumtunda kwa phapo lakumanja kuli zipsera za chifuwa chachikulu chakale zomwe sizinasinthe pa zithunzi ziwiri, n'kuika masiku onse awiri ndi yankho la makhololo. Akumulangiza kuti apewe fodya ndi utsi wa m'khitchini, azivala chotchinga pamphuno popala ndi kukwecha matabwa, ndiponso kuti akadzatsokomola mosiyana ndi masiku onse, akadzayamba kuwonda, kutuluka thukuta usiku kapena kuona magazi m'makhololo, adzabwere msanga osadikira. Mayi akufunsa ngati chipseracho chidzachoke. Dokotala akuwauza mosabisa kuti sichidzachoka, ndipo aliyense amene adzawajambule m'tsogolo adzachiona, choncho kabukuko azikayenda nako ulendo uliwonse wa kuchipatala.